Ndikawauze chiyani pabwalo kuti ayambenso kusonkhera mjigo?

Funso: Ndine nyakwawa kuno kwa Mkanda ku Mchinji, ndipo ufumuwu ndaulowa chaka chatha. Mjigo wathu umamwetsa mabanja 58. Chaka chino wafa kawiri, ndipo pano madzi akutuluka movutikira. A mekaniki a m'dera lathu akuti tipangane nawo kuti azibwera kudzauona usanafe, ife tizisonkha mwezi ndi mwezi. Koma anthu anga akukana, akuti ndalama zomwe adasonkha kale zidathera m'matumba a komiti yakale. Ndaitanitsa msonkhano Loweruka la sabata yamawa. Ndikayankhule zotani kuti andimvere popanda kuwaopseza?

Yankho: Zikomo a mfumu. Ndikupempheni chinthu chimodzi poyamba: musakatsegule msonkhano ndi mawu aja oti madzi ndi moyo. Anthu anu adawamva pa wailesi, kusikelo ndi kutchalitchi komwe. Mayi amene amadzuka 4 koloko m'mawa kukaika chidebe pamzere safunikanso kuuzidwa ubwino wa madzi. Mukayamba choncho adzakuomberani m'manja mwaulemu, aliyense n'kubwerera kwawo ndalama yake ili chimangire pansonga ya chitenje. Anthu anu ali ndi chifukwa chokanira, ndipo chifukwacho n'chomveka. Mawu anu akayankhe chimenecho, komanso akaonetse kumene nambala ya chopereka yachokera.

Zimenezi zikutanthauza kuti ntchito yaikulu muigwire Loweruka lisanafike.

Mijigo yambiri m'midzi mwathu ndi ya mtundu wa Afridev, ndipo ndikuganiza kuti wanunso ndi womwewo. Pitani pamjigopo m'mawa wina ndi amayi awiri kapena atatu amene anzawo amawamvera, mukauyese m'njira ziwiri. Yoyamba: pukusani mpaka madzi atuluke, kenaka usiyeni kwa mphindi 30 wina aliyense osaugwira. Mukayambanso, werengani kuti mwapukusa kangati madzi asanatuluke. Kukapitirira kasanu, ndiye kuti madzi akubwerera pansi. Kawirikawiri wolakwa amakhala bobini kapena oringi, timalabala ta pa futuvavu, chotsekera chapansi chimene chimaletsa madzi kubwerera, koma nthawi zina ndi paipi imene yabooka. Yachiwiri: madzi ali kutuluka, ikani chidebe chopanda kanthu cha malita 20, mupukuse ka 40 pa mphindi imodzi, kukweza ndi kutsitsa chogwirira mpaka pamapeto. Mjigo wabwino umapereka malita 15 kapena kuposerapo. Mukapeza osakwana malita 10, kutanthauza kuti chidebe sichinafike n'theka lomwe, labala imene amekaniki amaitcha yusilu, ya pa pulanja yokweza madzi, yatha. Musanachoke gwedezani chogwirira cha kumanja ndi kumanzere. Chikamagwedera ngati dzino lofuna kuzuka, kapena chikamalira chitsulo ndi chitsulo, mabushi apulasitiki amene chogwirira chimazungulirapo atha.

Kenaka pemphani a mekaniki aja akupatseni labala yakutha ndi bushi yakutha, kaya zochokera mu mjigo wanu kapena wina, ndipo mukagule kapena kubwereka zatsopano zake. Tumani mnyamata wanjinga ku sitolo yogulitsa masipeyala a mijigo, kaya ndi pa Mkanda pomwepo, pa Kapiri, pa Kamwendo kapena ku boma, akalembe papepala mtengo wa chinthu chilichonse: yusilu, oringi, bobini, mabushi, masentalaiza ogwira marodi pakati pa paipi, rodi imodzi, paipi imodzi. Mitengo ikhale ya sabata yomweyo. Kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene akukumbukira mitengo ya kale adzaganiza kuti mukuwabera ngati simuwaonetsa pepala.

Mukatero khalani pansi muwerengetse. Ndiyika manambala ongoyerekeza kuti muone kachitidwe kake, inu mudzaikemo a pa pepala lija. Tinene kuti masipeyala ang'onoang'ono a chaka chonse ndi K60,000. A mekaniki azibwera kanayi pachaka pa K15,000 ulendo uliwonse, ndiye K60,000 ina. Simenti yomatira ming'alu ya pakhonde la mjigo ndi ngalande, pamodzi ndi ulendo wokagula zinthu, K40,000. Zosungira tsiku lalikulu, lofuna mapaipi kapena marodi, K140,000. Zonse pamodzi K300,000. Pa mabanja 58 aja, tinene kuti 8 ndi a nkhalamba zokhala zokha, odwala matenda a mgonagona kapena ana amasiye odzilera okha. Otsala ndi 50. Banja lililonse likhala ndi K6,000 pachaka, imene ndi K500 pamwezi. Dziwiranitu kuti si onse 50 adzamalize. Akapereka 40 okha mudzapeza K240,000, yokwanira zitatu zoyamba zija n'kutsala K80,000 yosunga. Choncho musadzataye mtima kapena kuyamba kukalipa mukaona ena akuzengereza chaka choyamba.

Chotsala ndi nkhani ya komiti yakale. Kaonaneni ndi a gulupu mupangane tsiku loti nkhaniyo idzakambidwe payokha. Mukailola kuti ilowe mu msonkhano wa Loweruka, dzuwa lidzalowa anthu akulozana zala, ena mwa iwo pachibale, ndipo za mjigo simudzazikhudza. Koma mukangoti zakale zidapita tiyeni tione kutsogolo, ndiye kuti mwawauza kuti wodya ndalama za mudzi sayankha mlandu, ndipo palibe adzaponyenso kanthu m'mbale.

Mawu ake angakhale otere. Musakawerenge papepala, mukawatenge m'mutu n'kuwayankhula m'kayankhulidwe kanu, manambala mutasintha kuti agwirizane ndi zomwe mwapeza.

"Zikomo a gulupu, zikomo nduna, atsogoleri a mipingo, eni mbumba, amayi, abambo ndi achinyamata nonse. Ndathokoza kuti mwasiya ntchito zanu n'kudzakhala pano. Sindikusungani nthawi yaitali.

"Ndiyambe ndi nkhani imene ili m'mitima mwanu, chifukwa ndikailumpha mudzati mfumu yabwera kudzatiphimba m'maso. Mudasonkhapo ndalama za mjigo uno. Tsiku limene mjigo udafa, ndalamazo sizidaoneke. Zimenezo n'zoona, ndipo amene mukufunsa za ndalamazo simukulakwa. Nkhani imeneyo sindikuikwirira ayi. Ine ndi a gulupu taipatsa tsiku lake, Lachitatu la sabata yamawa, pabwalo pomwe pano, ndipo amene adasunga ndalamazo adzayankha ndi pakamwa pawo. Lero ndikupempha kuti tisatchule dzina la munthu. Lero tikambe za mjigo, chifukwa mlandu ungadikire Lachitatu koma ludzu silidikira.

"Dzana m'mawa ndinali pamjigo ndi amayi atatu, ali pomwe pano. Amayi, tauzeni anzanu zomwe tidaona."

Apa khalani pansi, mayiyo ayankhule yekha. Akanena kuti adapukusa ka 14 madzi asanabwere, ndipo kuti kupukusa ka 40 chidebe sichidafike theka, amayi onse adzavomera chifukwa mikono yawo ikudziwa. Abambo ambiri adzakhala akumva koyamba. Kenaka imiriraninso.

"Mwamva. Tsopano taonani ichi chili m'manja mwangamu. Ndi labala, kukula kwake sikuposa chikhatho cha mwana. Iyi ndi yatsopano, iyi ndi yakutha. Ziyende, aliyense azigwire. Labala imeneyi ndi imene imakweza madzi kuchokera pansi. Ikaperepeseka m'mbalimu, amayi amapukusa kawiri kuti apeze madzi amene kale ankapeza popukusa kamodzi. Ichi china ndi bushi, chimakhala pamene chogwirira chimazungulira. Mu mjigo muli mabushi anayi. N'zapulasitiki, ndipo adazipanga dala kuti zizitha izo m'malo mwa chitsulo. Zikatha ife osasintha, chitsulo chimayamba kudya chitsulo chinzake. Abambo a njinga mukudziwa zomwe zimachitika mukamayendabe mabelingi atatha: mumadzagula habu yonse. Mjigonso ndi chimodzimodzi. Pansi paja pali malabala ena ogwira marodi kuti akhale pakati pa paipi. Akatha, rodi imakhula paipi tsiku ndi tsiku mpaka kuiboola. Labala yake ndi ya mtengo wochepa, koma paipi ikabooka tiyenera kuzula mapaipi onse, kuitana amisiri, kusonkhanitsa amuna ambiri ogwira, ndipo mjigo umakhala masabata uli chiimire ife tikufunafuna ndalama. Kawiri konse chaka chino tadutsa m'menemo, ndipo mukukumbukira kumene tidakamwa.

"Chimene ndikupempha ndi ichi. Tipangane ndi a mekaniki kuti azibwera miyezi itatu iliyonse, mjigo uli moyo. Azitsegula, azizula marodi, aziona malabala ndi mabushi, chakutha azisintha pomwepo. Pangano lilembedwe, iwo asaine, ife tisaine, a gulupu achitire umboni. Akasintha chinthu, chakalecho asapite nacho, chitsale kwa komiti kuti mudzachione ndi maso anu.

"Ndalama zake nazi. Mitengo ili papepala ili, talemba sabata ino ku sitolo, ndipo mlembi awerenga mokweza. Zonse za chaka chathunthu zikukwana K300,000. Tikagawana mabanja 50, banja lililonse ndi K500 pamwezi, kapena K6,000 pachaka. Nambala imeneyi sindidalote ine, yachokera papepalali. Amene akuona kuti penapake tawonjeza aimike dzanja tiwerengetsenso limodzi.

"Mwamva ndati mabanja 50 pamene tilipo 58. Pali agogo athu okhala okha, pali odwala, pali ana amene akudzilera. Amenewo ndikupempha kuti tiwanyamule. Maina awo sinditchula ine, mugwirizana ndinu, kuti pasadzakhale wonena kuti mfumu yakhululukira abale ake.

"Ndikudziwanso kuti ndalama m'mudzi muno ili ndi nyengo yake. Mu Januwale ndi Febuluwale sindidzatuma munthu pakhomo panu kudzafuna K500 inu mukusowa ufa. Amene angathe apereke za chaka chonse pamene wagulitsa soya, mtedza kapena fodya. Amene alibe ndalama abweretse mbewu, tidzaiyeza pamaso pa anthu pa mtengo wa pamsika wa tsikulo.

"Tsono wosunga ndani? Si ine. Si mayi a kunyumba kwanga, si mphwanga, si aliyense wa pakhomo pa mfumu. Musankha nokha komiti lero, ndipo ndikupempha kuti amayi achuluke, chifukwa mjigo ukayamba kudwala oyamba kudziwa ndi iwo. Ndalama zizikhala m'bokosi la maloko atatu monga mumachitira ku banki mkhonde, makiyi kwa anthu atatu a mabanja osiyana. Wopereka aliyense alembedwe m'buku la mlembi ndipo alandire kapepala. Tsiku limene a mekaniki abwera, madzulo ake tizikumana pano, bokosi litsegulidwe, ndalama ziwerengedwe pamkeka, buku liwerengedwe mokweza. Ndalama za mjigo sizikongozedwa. Kaya ndi maliro, kaya ndi mlendo wa kuboma, kaya ndine ndemwe ndabwera ndi vuto langa, msungichuma andikanize, ndipo ndikunena pamaso panu kuti akadzandikaniza sadzakhala atandichita mwano.

"Sindikulonjezani kuti mjigo sudzafanso. Ndi chitsulo, chidzafa. Chimene ndikulonjeza n'chakuti ukadzafa, chosinthira chidzakhala chili m'mudzi momwe muno, ndipo tidzadziwa woitana.

"Ndayankhula zambiri. Nayi K6,000 ya pakhomo panga, ya chaka chonse. Ndikuiika pamkeka apa, ikhale pomwepa mpaka mutasankha msungichuma, ndipo dzina langa likhale loyamba m'buku. Tsopano bwalo ndi lanu. Amayi ayambe."

Mwaona kuti m'mawu amenewa mulibe chindapusa. Ndachisiya dala. Malamulo a pamjigo ndi chilango chake zituluke m'kamwa mwa anthu, inu mudzangovomereza. Lamulo limene mfumu yabwera nalo m'thumba anthu amalizemba, pamene limene adapangana okha amakumbutsana okha pamjigo inu kulibe. Mwaonanso kuti miyambi mulibe. Ngati mtima wanu ukufuna umodzi, uikeni pamapeto, koma mutu umodzi susenza denga anthu adaumva pa msonkhano uliwonse wa chitukuko, ngakhale pa uja umene ndalama zake zidasowa.

Za kolera musiyireni mlangizi wa zaumoyo, ngati mwamuitana, ndipo ndi bwino kumuitana. Mliri umene udayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo anthu akuukumbukira. Koma mukautenga ngati chikwapu, msonkhano umasanduka wa mantha, ndipo mantha amatha mvula ikangosiya. Mlangiziyo anene mawu ochepa mukatha kugwirizana za ndalama, makamaka za kuthira mankhwala m'madzi a pachitsime pa masiku amene mjigo ukukonzedwa.

Bwalo likatseguka, yembekezerani munthu woti mjigo ndi wa boma, boma likonze. Musamuyankhe mwaukali, chifukwa kale zinalidi choncho, amisiri a boma ndiwo ankayenda kukonza. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 ndondomeko idasintha: boma kapena bungwe limakumba, eni mudzi amasamalira ndi kugula zosinthira zing'onozing'ono. Mjigo wa Afridev nawo adaupanga kuti marodi, pulanja ndi futuvavu zizituluka popanda kuzula mapaipi, ndi sipanala imodzi ndi kachitsulo kowedzera. Ntchito zazikulu, monga kutsuka chitsime chimene chadzaza mchenga, n'zimene mumakadandaula ku ofesi ya zamadzi ya khonsolo. Wina adzati tidikire a phungu kapena a khansala. Mufunseni modekha kuti ulendo wathawu mjigo udakhala masiku angati uli wakufa, ndipo adabwera kudzakonza ndani. Anthu ayankha okha.

Funso lovuta kwenikweni lidzachokera kwa mayi wamasiye amene amatunga zidebe zitatu patsiku, pamene mnzake woumba njerwa kapena wotcheza kachasu amatunga migolo. Ameneyo akunena zoona, ndipo mukamunyalanyaza mwataya amayi ambiri nthawi imodzi. Mjigo umatha ndi kupukusa, choncho wopukusa kwambiri apereke kwambiri. Njira imene ndaiona ikuyenda ndi yoti chopereka cha banja chikhale cha madzi a pakhomo okha, ndipo wotunga za geni azipereka kanthu kapadera pa nyengo ya ntchito yakeyo, komanso azitunga masana pamene mzere watha. Omwetsa ng'ombe akumbe dzenje lawo kumapeto kwa ngalande, ziweto zisafike pakhonde la mjigo. Akamwini ena amati ine ndine mlendo pano. Yankho lake n'losavuta: chopereka n'cha khomo limene likufuka utsi, osati cha mtundu wa munthu.

Padzakhalanso ofuna kuti mjigo uzikhomedwa ndi loko kuti osapereka asatunge. Ine ndimakana. Amene amabwezedwa pamjigo ndi mwana wamkazi ndi mayi ake, pamene bambo amene wakana kutulutsa ndalama ali pa bawo. Ndipo obwezedwawo amapita kudambo, matenda amene akatenge kumeneko sadzafunsa kuti wapereka ndani. Loko ndi wabwino pa ntchito imodzi yokha, kutseka usiku kuti akuba asazule marodi ndiponso ana asaseweretse chogwirira. Wosapereka aitanidwe ndi komiti kaye, kenaka kwa inu, ndipo ngati alibedi, agwire ntchito ya pamjigo: kulambula, kutsegula ngalande, kututa miyala ya m'dzenje la madzi otayika.

Pa za bokosi lija ndionjezepo. Ndalama yogona m'bokosi miyezi yambiri imachepa mphamvu, komanso imaitana mayesero. Zikangokwana, komiti ikagule masipeyala a chaka chonse, ndipo pa msonkhano wotsatira aikidwe pamkeka pambali pa risiti. Labala palibe angaibwereke kuti akagulire feteleza. Muisunge m'chitini chotseka, pamthunzi, kutali ndi mafuta ndi makoswe. Zosungira tsiku lalikulu zikachuluka, ndi bwino kuzisandutsa rodi kapena paipi imodziimodzi, kapena kutsegula buku ku banki losainira anthu atatu. Kusunga pa foni ya munthu mmodzi, kaya ndi Mpamba kapena Airtel Money, n'kosavuta koma nambala yachinsinsi amaidziwa mmodzi yekhayo, ndipo mwabwerera pomwe mudagwera paja. Midzi ina imazungulitsa ndalamazi ku banki mkhonde kuti zibereke. Zimathekadi, koma pamudzi pamene chikhulupiriro chidasweka kale ngati panu, ndingati dikirani chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo ngakhale pamenepo theka lizikhala losakongozedwa, chifukwa mjigo ungafe mu Okutobala ndalama zonse zili m'manja mwa anthu.

Za a mekanikiwo, musanasaine funsani kwa mlangizi wa zamadzi wa dera lanu ngati akuwadziwa ndiponso ngati adaphunzitsidwa. Funsaninso midzi iwiri imene amaikonzera. Ndipo pangano lisachititse mudzi kupinda manja. Musankhe anthu awiri okhala pafupi ndi mjigo, mmodzi akhale mayi, amene sabata iliyonse azimanga mabawuti omasuka ndipo mwezi uliwonse aziyesa njira ziwiri zija n'kulemba m'buku kuti lero tapukusa kangati, chidebe chafika pati. A mekaniki akamagwira ntchito, awiriwo azikhala pomwepo manja ali m'kati. Pakatha chaka adzakhala akusintha okha yusilu ndi mabushi, ndipo buku lija ndi limene lidzakuuzeni ngati a mekaniki akugwiradi ntchito: akabwera n'kupita koma manambala osasintha, pali chofunsa.

Pali chinthu chimodzi chimene chingagwetse mawu onsewa, ndipo muchitsimikize Loweruka lisanafike. Mwati madzi akutuluka movutikira. Kuvutikira kulipo kuwiri. Ngati madzi ndi ochepa nthawi zonse, m'mawa ndi madzulo chimodzimodzi, vuto lili mu mpope ndipo masipeyala alithetsa. Koma ngati m'mawa madzi amabwera bwino, pakatungidwa zidebe zingapo n'kuduka, chogwirira n'kupepuka, anthu n'kudikira kanthawi kenaka madzi n'kubweranso, ndiye kuti chitsimecho chikuchepa madzi. Zimaonekera kwambiri mu Okutobala ndi Novembala mvula isanagwe. Nthawi zina a mekaniki angathe kuonjeza paipi ndi rodi kuti silinda, mmene mumakhala pulanja ndi futuvavu, itsike, ngati pansi pali malo, ndipo Afridev imakoka bwino mpaka mamita 45. Koma ngati okumba adalekeza pafupi, kapena pansi padadzaza dothi, kusonkha K500 sikungabweretse madziwo. Chizindikiro china ndi mchenga. Tungani chidebe, chisiyeni chidikhe, muone pansi pake. Mchenga ukakhalapo, labala yatsopano imatha m'miyezi yochepa, ndipo anthu adzati a mekaniki akuika zachinyengo pamene vuto lili m'chitsime.

Mukapeza zotere, pemphani a mekaniki ayeze kuya kwa chitsime ndi pamene madzi alekeza, alembe manambalawo. Kalata ipite kudzera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi ya dera mpaka ku ofesi ya zamadzi ku boma, manambalawo ali momwemo pamodzi ndi chiwerengero cha anthu omwa pamjigopo. Muyezo wa boma ndi anthu 250 pa mjigo umodzi, ndipo mabanja 58 mwina adutsa kale pamenepo, zimene zikupatsani poyambira kupempha mjigo wachiwiri. Pamsonkhano mukanene zimenezi poyera, pa ndime ija yoti sindikulonjezani: kuti chopereka chikonza mpope, koma za kuchepa kwa madzi m'chilimwe mwalembera kuboma, kalata yake nayi, ndipo mlembi aiwerenge.